Ndaphatikiza 0.1 kakhumi koma 1.0 sakutuluka, chalakwika n'chiyani?

kamtedza_92

Moni nonse pagulu pano. Ndangoyamba kumene kuphunzira Python ndipo usiku wathawu kapulogalamu kakang'ono kandigoneka mochedwa. Ndimafuna kawerenge kuchokera pa 0 mpaka pa 1, kakukwera ndi 0.1 ulendo uliwonse, kakafika pa 1 kaime. Ndinalemba chonchi:

```python
x = 0.0
while x != 1.0:
    x += 0.1
    print(x)
```

Sikanaime. Manambala amangotuluka pa sikirini mpaka ndinachita kukadula ndi Ctrl+C. Nditabwerera pamwamba kuti ndione, ndinapeza zoti sindikuzimvetsa. Poyamba pali 0.1, kenako 0.2, koma wachitatu ndi 0.30000000000000004. Kutsogolo kwabwera 0.7999999999999999, 0.8999999999999999, 0.9999999999999999, kenako 1.0999999999999999. Pa 1.0 penipeni sikanapondepo n'komwe. Kodi ndi kompyuta yangayi yatha, kapena ndinaika Python wowonongeka?

dzuwa_lawala

Chotsani Python ameneyo muikenso watsopano. Ine zinandichitikirapo zachilendo, nditaikanso zonse zinatheka.

nyerere

@dzuwa_lawala ayi, musawatayitse nthawi. Angaikenso kakhumi, yankho likhala lomwelo. Tsegulani bulawuza iliyonse, pitani pa Console, lembani `0.1 + 0.2` muone. JavaScript nayonso ikupatsani 0.30000000000000004. Java, C ndi zina zambiri ndi momwemonso mukagwiritsa `double`, mtundu wawo wa manambala a kadontho.

chiphaliwali

Ndi purosesa imeneyo. Kunali nkhani ya Pentium ya Intel mu 1994, imalakwitsa masamu mpaka kampani inachita kusinthira anthu. Zikuoneka kuti matendawa sanatheretu.

gogo_wa_makodi

@chiphaliwali nkhani ya Pentium inachitikadi, koma ndi ina. Kuja kunali chilema chenicheni m'kachipangizo, ndipo chinkaoneka pogawa manambala ena ochepa. Apa palibe chilema chilichonse. Kompyuta ya a kamtedza ikuchita ndendende zomwe inauzidwa ndi muyezo wa IEEE 754, womwe unakhazikitsidwa mu 1985 ndipo pafupifupi purosesa iliyonse ya masiku ano imautsatira. Vuto linayamba asanaphatikize chilichonse. Pamene analemba `0.1`, chomwe chinasungidwa si 0.1.

Tiyambe ndi chinthu chomwe tonse tinachiona kusukulu. Lembani 1/3 ngati nambala ya kadontho. Mupeza 0.3333 ndipo ma 3 aja sakutha. Pepala likakutherani mumaima penapake, tinene pa 0.3333, ndipo mukaphatikiza zitatu zoterozo mupeza 0.9999, osati 1. Palibe amene amati pepala lawonongeka. Timadziwa kuti 1/3 sakwana bwino m'kawerengedwe ka makumi.

Kompyuta siwerenga m'makumi, imawerenga mu bayinale, pomwe pali 0 ndi 1 basi. Kwa ife malo oyamba kumanja kwa kadontho ndi 1/10, achiwiri 1/100. Kwa kompyuta malo oyamba ndi theka, achiwiri ndi 1/4, achitatu 1/8, kenako 1/16, kumangogawa pawiri. Nambala iliyonse iyenera kumangidwa ndi zidutswa zimenezi. 0.625 imatheka bwinobwino, chifukwa ndi theka kuphatikiza 1/8, ndipo imalembedwa 0.101. Koma 1/10 kwa kompyuta ali ngati 1/3 kwa ife.

Mukhoza kuziyesa papepala. Chulukitsani nambala ndi 2, lembani chomwe chili kumanzere kwa kadontho, pitirizani ndi chotsalacho:

```
0.1 x 2 = 0.2  ->  0
0.2 x 2 = 0.4  ->  0
0.4 x 2 = 0.8  ->  0
0.8 x 2 = 1.6  ->  1
0.6 x 2 = 1.2  ->  1
0.2 x 2 = 0.4  ->  0
```

Onani mzere womaliza. Tabwereranso pa 0.2, pomwe tinadutsa kale pa mzere wachiwiri. Ndiye kuti tizingozungulira pomwepo mpaka kalekale, ndipo 0.1 mu bayinale ndi 0.0001100110011 ma 0011 akubwerezabwereza osatha. Malo osungira ali ndi polekezera, choncho penapake nambalayo iyenera kudulidwa.

kamtedza_92

Agogo zikomo, ndayesa papepala ndi 0.625 ndipo yatha pa mizere itatu yokha, chotsala chafika pa 0. Ndayesanso 0.3, nayo ikungozungulira. Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti iyi itha, iyi siitha, popanda kuchulukitsa mpaka dzanja kuwawa?

gogo_wa_makodi

Lembani nambalayo ngati fulakishoni, muifupikitse mpaka itasiya kugawika, kenako yang'anani nambala yapansi. Ikakhala 2, 4, 8, 16 kapena ina iliyonse yopangidwa pochulukitsa ma 2 okhaokha, itha. Mukapezamo china chilichonse, siitha. 0.625 ndi 625/1000, ikafupikitsidwa ndi 5/8, pansi pali 8, yatheka. 0.1 ndi 1/10, ndipo 10 ndi 2 kuchulukitsa ndi 5. Ndi 5 ameneyu wavutitsa. Mungachulukitse ma 2 ambiri bwanji, simudzapeza nambala yogawika ndi 5, choncho palibe mulu wa matheka ndi makota womwe ungakwane 1/10 ndendende.

Kwa ife a makumi zimayenda chifukwa mu 10 muli 2 ndi 5 yemwe. N'chifukwa chake 1/2, 1/4, 1/5 ndi 1/8 timazilemba n'kumaliza, koma 1/3 ndi 1/7 zimatikanika.

Mukawerenga mudabwa kuchepa kwa zomwe zimatheka. Kuyambira 0.1 mpaka 0.9, yosungika ndendende ndi 0.5 yokha. Kuyambira 0.01 mpaka 0.99 zilipo zitatu: 0.25, 0.5 ndi 0.75. Zina zonsezo kompyuta imangosunga mnansi wake wapafupi.

mphepo_zinayi

Ndiye bwanji osangowonjezera malo? Makompyuta a masiku ano ali ndi memore yambirimbiri. M'malo mwa mabiti 64 aike 128 kapena 1000, nkhani ithe.

nyerere

@mphepo_zinayi lembani 1/3 ndi ma 3 okwana 1000, kenako mutiuze ngati yakwana.

mphepo_zinayi

Chabwino, ndamva. Koma kulakwako kuchepa ndithu, si choncho?

nyerere

Kuchepa inde, kutha ayi. Ndipo `!=` ya a kamtedza ilibe chisoni. Kusiyana kungachepe bwanji, iyo imangoti sizofanana.

kamtedza_92

Pali chomwe chikundisokonezabe. Ngati 0.1 sanasungidwe ndendende, bwanji ndikalemba `print(0.1)` ikundionetsa 0.1 woyera bwino? Ikundinamiza?

gogo_wa_makodi

Tinene kuti ikukusungirani ulemu. Kuyambira Python 3.1, posindikiza nambala yotere imasankha kalembedwe kafupi kwambiri komwe, mutakalembanso, kangabweretse nambala yomweyo yomwe ili m'memore. Kalembedwe kafupi ka mnansi wa 0.1 uja ndi 0.1. Mukafuna kuona nkhope yake yeniyeni, ifunseni chonchi:

```python
from decimal import Decimal
print(Decimal(0.1))
print((0.1).as_integer_ratio())
```

Mzere woyamba ukupatsani 0.1000000000000000055511151231257827021181583404541015625. Wachiwiri ukupatsani 3602879701896397 pamwamba ndi 36028797018963968 pansi, ndipo yapansiyo ndi 2 wochulukitsidwa maulendo 55. Onani kuti lamulo lija lasungidwa, pansi pali ma 2 okhaokha.

Komwe manambala amenewa achokera si kwachinsinsi. `float` ya Python ndi yomwe zilankhulo zina zimati `double`, ndipo ili ndi mabiti 64. Imodzi imanena ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa 0. Mabiti 11 amanena pomwe kadontho kayandamira. Otsala 52 amasunga manambala enieniwo, ndipo pali ina imodzi yaulere, chifukwa biti yoyamba pafupifupi nthawi zonse imakhala 1, ndiye saivutikira kuisunga. Onse pamodzi ndi 53.

Tsono kompyuta imafuna nambala yathunthu ya mabiti 53 yomwe, itagawidwa ndi mulu wa ma 2, ifike pafupi kwambiri ndi 1/10. Mulu woyenera ndi 2 wochulukitsidwa maulendo 56, womwe ndi 72057594037927936. Gawani ndi 10, mupeza 7205759403792793 ndi chotsala 6. Nambala yathunthu singasunge chotsala. Poti 6 waposa theka la 10, imakwezedwa kukhala 7205759403792794. Kukweza kumeneku ndiye ka 55511 kamene mukukaona kumchira kuja. Mukagawa pamwamba ndi pansi ndi 2 mupeza manambala awiri omwe Python yakupatsani.

tsabola_wakale

Ine ndimangouza aliyense kuti ma `float` ndi osadalirika, amangotulutsa zilizonse zomwe afuna. Osawakhulupirira, basi.

nyerere

@tsabola_wakale apo mwapitirira. Satulutsa zilizonse. `0.1 + 0.2` ikupatsani 0.30000000000000004 lero, mawa ndi chaka chamawa. `0.5 + 0.25` ndi 0.75 ndendende, popanda kanyenyeswa kalikonse. Manambala athunthu onse mpaka 9007199254740992 amasungika ndendende mu `double`. Mukamawaphunzitsa ana kuti ndi zamwayi, adzayamba kumwaza `round()` paliponse ngati mankhwala, osadziwa chomwe akuchiza.

tsabola_wakale

Nanga ngati si zamwayi, ndifotokozereni ichi. Mwati 0.1 amalakwika ndi kanthu kakang'ono pa malo a 18 uko. Nanga bwanji `0.1 + 0.2` ikulakwika moonekera, pomwe `0.1 + 0.1` ikutuluka 0.2 bwinobwino? Kulakwa kwake kukusankha masiku?

gogo_wa_makodi

Funso labwino limenelo, ndipo yankho lake ndi lokoma.

`0.1 + 0.1` ndi kuchulukitsa ndi 2, ndipo mu bayinale kuchulukitsa ndi 2 ndi kungosuntha kadontho, monga ife timachitira pochulukitsa ndi 10. Palibe chodulidwa. Zotsatira zake ndi nambala yomweyo yomwe mumapeza mukalemba `0.2`, choncho imasindikizidwa 0.2. Kulakwa kulipo, 0.2 wosungidwayo ndi 0.2000000000000000111 ndi zina, kungoti sikukuoneka.

Tsono tiphatikize 0.1 ndi 0.2 osungidwawo. Onse awiri ndi okwera pang'ono. Yankho lawo lenileni ndi 0.3000000000000000166 ndi zina. Koma yankholi nalonso liyenera kulowa m'mabiti 53, ndipo silikwana. Pafupi ndi 0.3, manambala omwe `double` ingasunge ali ngati miyala yowolokera pamtsinje, simungaponde pakati. Mwala wapansi ndi 0.2999999999999999888 ndi zina, wapamwamba ndi 0.3000000000000000444 ndi zina. Yankho lathu lagwera pakati penipeni pa miyala iwiriyi, osapendekera uku kapena uku. Zikatero lamulo la IEEE 754 limati sankhani womwe biti yake yomaliza ndi 0, ndipo pano ndi wapamwamba.

Koma mukalemba `0.3` ndi dzanja lanu, kompyuta imayang'ana mwala womwe uli pafupi ndi 0.3 weniweni, ndipo umenewo ndi wapansi. Ndiye `0.1 + 0.2` waima pa mwala wina, `0.3` waima pa mwala woyandikana nawo. Python singasindikize onse awiri ngati 0.3, choncho wapamwambayo imamulemba ndi manambala 17 kuti asiyane ndi mnzake. Ndi momwe 0.30000000000000004 amabadwira. Kudula kwachitika katatu: posunga 0.1, posunga 0.2, ndi posunga yankho.

Za a kamtedza ndi zomwezi. Kuphatikiza kulikonse kumadula pang'ono, nthawi zina mokweza, nthawi zina motsitsa. Pa 0.4, 0.5, 0.6 ndi 0.7 zinagwera pa miyala yoyembekezeka. Pa ulendo wa 8 zinatsikira pa mwala wapansi, ndipo sizinabwererenso.

tsabola_wakale

Chabwino agogo, si zamwayi. Koma kwa munthu amene sangawerenge miyalayo pamtima, kusiyana kwake n'kochepa. Ine ndikhalabe wosawakhulupirira.

kadzidzi_usiku

Pepani ndilowererepo ndi langa. Ndili ndi tebulo la mitengo ya katundu, ndipo ndimafuna kusandutsa mtengo uliwonse kukhala masenti. Ndinalemba `int(4.35 * 100)` ndipo yandipatsa 434. Senti imodzi yasowa. Pa mizere ina zili bwino, pa ina ayi, ndipo pamapeto pa mwezi mabuku sakugwirizana. Ndi matenda omwewa?

nyerere

Omwewo. `4.35 * 100` imatuluka 434.99999999999994, ndipo `int()` sayang'ana kuti mwatsala pang'ono kufika, imangodula zonse za kumanja kwa kadontho. `round(4.35 * 100)` ikupatsani 435. Koma kunena zoona, ndalama zisamadutse mu `float` n'komwe. Sungani masenti ngati manambala athunthu kuyambira pachiyambi, 435, ndipo kadontho muzikaika posindikiza pokha.

mlimi_wa_data

Ine pa ndalama ndimakonda `Decimal`. Masenti athunthu amayenda bwino pophatikiza, koma tsiku lomwe mudzafune kuwerengera chiwongoladzanja kapena msonkho wa maperesenti mudzayamba kugawa, ndipo mudzadzilembera nokha malamulo ofupikitsira. `Decimal` ili nawo kale, mumangosankha. Chenjezo limodzi lokha, poti ambiri amagwa pomwepa:

```python
Decimal('0.1') + Decimal('0.2')   # Decimal('0.3')
Decimal(0.1)                      # 0.1000000000000000055511...
```

Mukaiwala timakoteshoni, nambala imayamba yakhala `float` isanafike kwa `Decimal`, ndipo imafika itawonongeka kale. Agogo anagwiritsa ntchito zomwezi pamwambapa kuti ationetse nkhope ya 0.1. A kadzidzi, ngati mitengo yanu ikuchokera mu fayilo, iwerengeni ngati mawu n'kuipereka kwa `Decimal` mwachindunji.

nyerere

@mlimi_wa_data sindikukana, koma manambala athunthu amayenda m'chilankhulo chilichonse, m'databesi iliyonse, ndipo sasintha mukawatumiza kwa pulogalamu ina. `Decimal` wanuyo mukamutumiza mu JSON ngati nambala, mbali inayo JavaScript imulandira ngati `double`, mwabwerera pomwe munayambira.

mlimi_wa_data

Ndiye mumamutumiza ngati mawu. Si vuto la `Decimal` limenelo.

nyerere

Ndi vuto la munthu amene adzaiwale, ndipo alipo amene adzaiwale.

mphepo_zinayi

Ndiye ngati `Decimal` imakhoza 0.1, bwanji makompyuta onse osangosamukira kumeneko? Tikuvutikiranji ndi bayinale?

mlimi_wa_data

Chifukwa nayonso ili ndi malire ake, yangosamutsa vuto. Yesani `Decimal(1) / Decimal(3) * 3`. Mupeza 0.9999999999999999999999999999, ma 9 okwana 28, chifukwa mwachizolowezi imasunga manambala 28. Imakhoza zomwe anthu timalemba ndi kadontho, basi. Komanso imachedwa kwambiri poyerekeza ndi `float`, poti mapurosesa ambiri ali ndi zida zowerengera bayinale mwachindunji pomwe masamu a `Decimal` amachitidwa ndi pulogalamu. Munthu woyeza kutentha kapena kutalika kwa chinthu alibe nazo ntchito za malo a 17, chida chake choyezera chimalakwitsa kale pa malo achitatu. Kwa iyeyo `float` ndi yabwino kwambiri. Mukafuna 1/3 weniweni pali `Fraction`, yomwe imasunga nambala yapamwamba ndi yapansi padera, koma manambalawo amatha kutupa msanga mukawerengera nthawi yaitali.

chiphaliwali

Poti ya Pentium munandikana, nanga ya Patriot, makina aja ogwetsa mizinga ya adani? Imeneyo ndiye ndikudziwa kuti inali ya 0.1 yemweyu, ndipo anthu anafa.

gogo_wa_makodi

Imeneyo mwalasa, ngakhale pali kusiyana pang'ono. Zinachitika ku Dhahran, m'dziko la Saudi Arabia, pa 25 Febuluwale 1991, ndipo asilikali 28 a ku America anafa mzinga wa Scud utagwera pomwe ankagona. Wotchi ya makina a Patriot inkawerenga nthawi m'magawo a 1/10 a sekondi, ndipo pofuna masekondi inkachulukitsa ndi 0.1 wosungidwa m'mabiti 24. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kadontho sikankayandama, kanali pamalo amodzi okhazikika, choncho sinali `float` monga tikuidziwira. Koma muzu ndi womwewu, 0011 wosatha uja anadulidwa.

Kulakwa kwake kunali pafupifupi 0.000000095 ya sekondi pa kagawo kalikonse. Makinawo anali atayaka maola pafupifupi 100 osazimitsidwa. Maola 100 ndi timagawo 3,600,000, ndipo mukachulukitsa mupeza pafupifupi 0.34 ya sekondi. Pa nthawi imeneyo Scud imayenda mtunda woposa theka la kilomita, ndiye makina anakayang'ana pamalo pomwe mzinga panalibe.

dzuwa_lawala

Ndiye kuzimitsa ndi kuyatsanso kukanathandiza! Ndimanena ine.

nyerere

@dzuwa_lawala kumeneko inde, poti wotchi ikanayambiranso pa 0. Kwa a kamtedza ayi ndithu.

kalulu_mjanja

Anthu inu mukukokomeza. Ndangoyesa pompano `sum([0.1] * 10)` ndipo yandipatsa 1.0 yoyera. Ndiye vuto lili pa kompyuta ya a kamtedza basi.

kamtedza_92

Ine yomweyo ikundipatsa 0.9999999999999999. Ndiye ndi kompyuta yangadi?

mlimi_wa_data

Nonse awiri lembani `python --version` mutiuze. Ndikukhulupirira kuti a kalulu ali pa 3.12 kapena kuposa, a kamtedza ali pa yakale. Kuyambira 3.12, `sum()` ikamaphatikiza ma `float` imasunga pambali tinyenyeswa tomwe tikutayika pa sitepe iliyonse n'kutibwezera pamapeto. `math.fsum()` yakhala ikupereka 1.0 pa funso lomweli kuyambira kale. Koma 0.1 mwiniwakeyo sanasinthe. A kalulu, yesani lupu ya a kamtedza ija ndi `+=` muone ngati iime.

kalulu_mjanja

3.12. Ndayesa lupu ija. Siikuima. Ndabweza mawu anga.

kamtedza_92

Yanga ndi 3.10, ndiye zagwirizana. Tsono tibwerere ku funso langa, akuluakulu. Lupu yangayi ndiikonze bwanji? Ndaganiza zongosintha `!=` kukhala `<`.

nyerere

Ikaima, koma werengani mizere. Pa ulendo wa 10 muli pa 0.9999999999999999, yomwe ndi yochepera 1.0, ndiye ilowanso kachikena n'kukutulutsirani 1.0999999999999999. Mupeza mizere 11 m'malo mwa 10. Limeneli ndi loipa kuposa loyamba lija, chifukwa lupu yosaima mumaiona msanga, koma mzere umodzi wowonjezera ukhoza kukhala miyezi osaonedwa.

Werengani ndi manambala athunthu, kadontho kabwere pamapeto:

```python
for i in range(1, 11):
    print(i / 10)
```

Apa palibe kulakwa komwe kukuunjikana, poti nambala iliyonse ikuwerengedwa payokha ndipo ikudulidwa kamodzi kokha. `3 / 10` imagwera pa mwala womwewo womwe `0.3` amagwera. Ndipo gawani ndi 10, musachulukitse ndi 0.1, chifukwa `3 * 0.1` ikubwezerani 0.30000000000000004 yemwe uja.

tsabola_wakale

Kapena angoyerekeza mosakhwimitsa. Ine ndimalemba `abs(a - b) < 0.000001` paliponse ndipo sizinandivutepo.

gogo_wa_makodi

@tsabola_wakale sizinakuvuteni chifukwa manambala anu ndi apakatikati. Miyala ija sinayalidwe motalikirana mofanana. Pafupi ndi 0 ili yothithikana kwambiri, ndipo nambala ikamakula imatalikirana. Kupitirira 9007199254740992 mpata wake ndi 2, moti kuphatikiza 1.0 pa nambala imeneyo sikusintha kanthu. Kumeneko 0.000001 wanuyo sakuyeza chilichonse. Kumbali inayo, ngati mukuyeza zinthu zazing'ono ngati 0.0000002 ndi 0.0000009, muyezo wanu unena kuti n'zofanana pomwe ina ndi yoposa inzake kanayi.

`math.isclose(a, b)` imayeza kusiyana molingana ndi kukula kwa manambalawo, ndipo mukapanda kuiuza kanthu imalola gawo limodzi mwa 1,000,000,000. Koma nayo ili ndi msampha wake pa 0. `0.1 + 0.2 - 0.3` imatuluka 5.551115123125783e-17, ndipo mukafunsa `math.isclose()` ngati imeneyi ili pafupi ndi 0.0 ikuyankhani `False`, pokhapokha mutaipatsa `abs_tol`. Kuti `abs_tol` ikhale yotani, zimenezo palibe angakuuzeni osadziwa chomwe mukuyeza.

tsabola_wakale

Ndiye pamapeto pake mukusankhabe nambala ndi mutu wanu, ngati ine ndemwe.

gogo_wa_makodi

Inde, koma ndikuisankha pa ntchito iliyonse payokha. Inu mwasankha imodzi ya moyo wonse.

kadzidzi_usiku

Ndabweranso. Ndasintha zanga kukhala `round()` monga munanenera ndipo 435 yatuluka. Koma tsopano `round(2.675, 2)` ikundipatsa 2.67. Kusukulu tinaphunzira kuti 5 amakweza. Mnzanga wina akuti Python imakonda manambala ogawika ndi 2, koma 7 sagawika ndi 2, ndiye apa zikukhala bwanji?

mlimi_wa_data

Mnzanuyo akunena zoona pa nkhani ina. `round(2.5)` imapereka 2 ndipo `round(3.5)` imapereka 4, chifukwa 2.5 ndi 3.5 zimasungika ndendende ndipo zilidi pakati penipeni. Koma 2.675 sali pakati. Muikeni mu `Decimal()` wopanda timakoteshoni muone, ayamba ndi 2.67499999999999982. `round()` sinaone 5 aliyense, yaona 4 ndi ma 9, ndipo yatsitsa moyenera. N'chifukwa chake tinakuuzani kuti ndalamazo muzichotse mu `float`. `round()` inakupulumutsani pa 4.35 chifukwa munali pafupi ndi nambala yathunthu, koma pa theka la senti singakuthandizeni.

nyerere

Masenti athunthu, a kadzidzi.

mlimi_wa_data

2.675 ndi masenti angati athunthu, a nyerere?

kamtedza_92

Ine yanga yatheka ndi `i / 10`, mizere 10 ndipo womaliza ndi 1.0. Ndayesanso lupu yakale ija ndi `!=` yomweyo koma ndikukwera ndi 0.125 m'malo mwa 0.1, kungofuna kuona ngati ndamvetsa za nambala yapansi zija. Yaima yokha pa ulendo wa 8.